Mlatho wa udzu wa Ainka

"Kodi Ainka ankamanga bwanji milatho yolenjekeka ndi minda yam'mapiri ija, chitsulo alibe?"

Achimwene, pitani ndi maganizo ku Peru, kumene kunali ufumu wa Ainka kalelo, pa mtsinje wa Apurímac. Kumeneko kuli mlatho wa Q'eswachaka, wotalika mamita pafupifupi 30, ndipo midzi inayi imaumangabe mwatsopano mwezi wa Juni uliwonse.

Amamweta udzu wolimba wam'mapiri, n'kuupuntha ndi mwala, n'kuunyowetsa kuti ufewe. Akatero amaupota m'manja kukhala timaluzi. Timaluzito amatipotanso pamodzi, kenako n'kuluka zingwe zonenepa ngati ntchafu ya munthu. Mlatho wakale ndi umene amawolotsera chingwe choyamba, ndipo akatero amaudula kuti ugwere m'madzi. Zingwe zinayi zimakhala zopondapo, ziwiri zogwirira, zonse zomangidwa pa maziko a miyala kutsidya ndi kutsidya. Amisiri awiri amayambira mbali zosiyana, akuluka m'mbali mwake, mpaka kukumana pakati. Ine zimandigwira mtima kuti masiku atatu okha ntchito yatha.

Vuto lake, udzu umawola ndi mvula. Mu 2020 mlathowo sanaukonze chifukwa cha mliri wa korona, ndipo mu 2021 unaduka.

Za mindayo, makoma ake ankawamanga ndi miyala, imene ankaisema ndi miyala ina yolimba. Kuseri kwa khoma ankathira miyala ing'onoing'ono pansi, dothi lachonde pamwamba, kuti madzi azitsika osagwetsa khomalo.