Kalata yopempha ngongole ya sitoko ku banki m'khonde

"Abale ndithandizeni. Ndimagulitsa mabulangete kuno ku Joni, ndimaoda ku Dragon City. Ndikufuna kubwereka R6,000 ku banki m'khonde yathu ya ku Turffontein kuti ndiwonjezere sitoko kusanazizire, masheya anga ali pa R2,000. Akuti ndilembe mwachidule pempho langa, ndilembe chani kuti andivomere?"

Asisi, ine ndakhala mlembi wa gulu lathu kwa zaka zingapo ndipo makalata ngati amenewa ndawerenga ambiri pamaso pa anthu, ndiye ndikuuzeni zomwe ndimaona. Kalata ikayamba ndi lendi yakwera, ana kumudzi akufuna fizi, anthu amagwedeza mitu kumva chisoni koma mumtima aliyense akuwerengera kuti ndalama imeneyi ikathera ku lendi komweko. Mavutowo ndi enieni, tonse tili nawo, koma bokosi limene mukupemphalo muli thukuta la anzanu ochapa m'nyumba za anthu ndi ogwira m'magadeni, ndipo chomwe akufuna kumva ndi chimodzi, ndalama yathu ikatuluka ibwerera bwanji komanso tsiku liti.

Pa kuchuluka kwa ndalamako muli bwino, magulu ambiri amalola kubwereka mpaka katatu ka masheya ako, ndiye R6,000 ikukwana ndendende. Koma musanalembe chilichonse khalani pansi ndi kope muwerengere nokha kaye. Ndiyika mitengo yongoyerekeza, inu muike yanu yeniyeni. Tinene bulangete mukuoda pa R180, mukugulitsa pa R280. Mabulangete 30 ndi R5,400, kwatsala R600 ya thiransipoti, wonyamula ndi mapulasitiki. Mukagulitsa onse mwapeza R8,400. Tsopano intelesiti. Ngati gulu lanu limadula 10 peresenti pamwezi pa ndalama yotsala ndipo mukubweza R2,000 mwezi uliwonse, mwezi woyamba mupereka R2,600, wachiwiri R2,400, wachitatu R2,200, zonse pamodzi R7,200. Phindu lanu R1,200. Koma ngati limadula 20 peresenti, intelesiti yokha ndi R2,400, mubweza R8,400, ndiye kuti miyezi itatu yonse mwayenda ndi chimtolo pamutu kugwirira bokosi, inu osatsala ndi kanthu. Funsani kaye zimenezi, komanso funsani ngati amadula pa yotsala kapena pa yonse imene munatenga, chifukwa magulu amasiyana ndipo ambiri timadziwira pa tsiku lobweza.

Ndiye apa mwaona nokha kuti ngongoleyi imapindula pokhapokha ndalama ikuzungulira, mukagulitsa 10 oyamba mwathamanga kukaoda ena, osadikira kuti onse 30 athe. Zimenezi muzilembe, anthu amene anachitako geni akamva amadziwa kuti munthuyu akudziwa chomwe akuchita.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Mabulangete kuno timagulitsa kwambiri pa ngongole, munthu watenga lero akuti ndikupatsani kumapeto kwa mwezi bwana akandilipira. Tinene mumagulitsa anayi pa sabata, pamwezi 16, koma theka ndi la ngongole, ndiye m'manja muli ndi ndalama ya mabulangete 8 basi, R2,240, pomwe gulu likufuna R2,600. Sitoko yayenda bwinobwino koma tsiku la msonkhano mwafika ndi ndalama yoperewera, faindi yakugwerani, mawa lake mwapita kwa mashonisa kukatenga katapila kuti mutseke dzenje. Ndinaona izi kwa mayi wina wa gulu lathu, sanali wakuba ayi, kope lake linali lodzaza ndi maina a anthu amene anali naye ngongole, kungoti tsiku lobweza anavomera la pa 25 pomwe makasitomala ake amalandira pa 30. Inu pemphani kuti muzibweza pa msonkhano woyamba mwezi ukangotha, ndipo mufotokoze chifukwa chake.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi, mlembi amawerenga mokweza ndipo anthu atopa ndi ntchito. Ine ndikanalemba chonchi:

"Ine uje, membala wa gulu lino, masheya anga ndi R2,000. Ndikupempha R6,000 yoodera mabulangete 30 pa R180 limodzi, yotsalayo ndi ya thiransipoti. Ndimagulitsa pa R280, anayi pa sabata nthawi yozizira, kope langa la chaka chatha ndabwera nalo. Ndibweza R2,600 pa msonkhano woyamba wa Juni, R2,400 wa Julayi, R2,200 wa Ogasiti. Makasitomala atatu atapanda kundilipira ndipezabe R7,560, yomwe ikukwanira kubweza zonse. Zitavuta kuposa apo, gulu lidule pa masheya anga ndipo yotsalayo ndibweza kuchokera ku malipiro a ganyu yanga yochapa. Mboni yanga ndi mayi uje. Malisiti ndiwonetsa pa msonkhano wotsatira."

Mzere wa makasitomala atatu aja musauchotse poganiza kuti ukuwopseza anthu. Mukapanda kuunena nokha, msungichuma aufunsa, ndipo kuyankha uku ukuchita chibwibwi kumaoneka ngati sunaganizepo. Pa ganyupo ikani chomwe mulidi nacho, ngati mulibe china chopezera ndalama musanamize, kuli bwino mutsitse pempho lifike pa R4,000 kuti theka likhale lotetezedwa ndi masheya anu. Munthu amene wapempha yochepa nabweza pa nthawi, ulendo wachiwiri sakanganirana naye. Mboni nayo muipemphe kunyumba kwake musanafike pagulu, muiuze mosabisa kuti ikusainira chani, osati kumutchula munthu dzina mwadzidzidzi pamaso pa anthu ayi, maubale ambiri athera pamenepo.

Kope lija ndi malisiti akale apiteni nawo ngakhale ali ong'ambika ndi othimbirira, amalankhula kuposa kalata yotayipa bwino. Ndipo ngati mungathe tengani bulangete limodzi anthu aligwire aone kukhuthala kwake, kwathu munthu anachitapo zimenezo ndipo awiri anagula pompo msonkhano usanathe.

Za chikole samalani. Ngati gulu lakana ndipo mwaganiza zopita kwa wobwereketsa wapadera, pasipoti yanu, khadi ya kubanki ndi pini musapereke ngakhale atakunyengererani bwanji. Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act ya 2005, silimulola wobwereketsa kusunga khadi ya kubanki, pini kapena chitupa cha munthu. Komanso inu mukudziwa kuyenda mu Joni opanda pasipoti m'thumba kuti kumatha bwanji. Chikole chikhale chinthu choti chikapita mulira koma moyo upitirira, ngati TV kapena sitoko yomweyo.

Chomaliza ndi nthawi. Kuno kumazizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ikafika Sepitembala bulangete palibe amalifunsa, ndiye pempholi lilowe pa msonkhano wa Epulo kuti ndalama muitenge kumayambiriro kwa Meyi, ndipo kuoda komaliza kusapitirire pakati pa Julayi, kuopa kutsala ndi mulu pakona ya chipinda ngongole ikadalipo. Epulo yemweyo bokosi limakhala lisanakhute ngati munagawana mu Disembala ndipo opempha amakhala ambiri, choncho muuzeni wapampando sabata imodzi msonkhano usanachitike kuti dzina lanu likhale pa mndandanda. Mukalemba ndi manambala anu enieni nditumizireni ku inibokosi ndikuwerengereni musanapite nayo.