Luso limene mumaliona ngati wamba ndilo lingakutsegulireni khomo

"Ndakhala mlembi pa ofesi imodzi zaka 8 ndipo ndatopa. Ndinayesa mndandanda wa maluso a ntchito, ndinachonga pafupifupi onse, koma sindinapezepo chanzeru. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, vuto lili pa kuchongako. Kumvetsera, kulankhula bwino, kusunga nthawi, kugwira ntchito ndi anzanu, zimenezi zimafunika kwa namwino, kwa dalaivala ngakhale kwa woweruza milandu. Mukachonga zoterezi, mndandanda umakubwezerani ntchito zonse za pansi pano, ndiye mutu umangoima.

Yambani mwautseka kaye mndandandawo. Tengani pepala, mulembe zimene manja anu anachita masabata awiri apitawa, osatchula dzina la udindo wanu. Musalembe kuti "ntchito za mu ofesi". Lembani mwachindunji, mwachitsanzo: ndinaona kuti mapepala a printa atsala mabokosi awiri, ndinaimbira ogulitsa atatu, ndinayerekeza mitengo yawo, katundu atafika ndinawerenga n'kupeza kuti invoisi yawonjezera bokosi limodzi, ndinaibweza. Alembi ambiri amachita zotere osaziwerengera n'komwe, poti pa kalata yowalembera ntchito sizinatchulidwe.

Tsopano tsegulani ESCO, mndandanda waulere wa pa intaneti wa bungwe la ku Ulaya la European Commission, womwe uli ndi ntchito pafupifupi 3,000 ndi maluso oposa 13,000. Ine ndimaukonda chifukwa umayendeka chobwerera. M'malo moyambira pa ntchito, mumayambira pa luso. Fufuzani "order supplies" kapena "monitor stock level", ndipo tsamba la lusolo likuonetsani ntchito zimene limafunikako, zogawidwa pawiri: kumene lusolo ndi "essential", kutanthauza kuti popanda ilo ntchito siyenda, ndi kumene ndi "optional", longowonjezera chabe. Gulu loyambalo ndilo lanu.

Chitani zimenezi ndi maluso asanu okha, ndipo lililonse likhale ndi umboni, nkhani yeniyeni imene mungaifotokoze pa intavyu osachita chibwibwi. Luso lopanda nkhani lifufuteni, ngakhale mtima ukuwawa. Kenako onani mayina a ntchito amene akubwerezabwereza. Yotuluka kamodzi ingodutsani. Yotuluka katatu kapena kanayi ilembeni, ngakhale dzina lake simunalimvepo. Kwa mlembi wa m'chitsanzo chathu, zinthu zimaloza ku mbali yogula katundu ndi kuyang'anira sitoko, kumene mwina sanakuganizirepo chiyambire.

Pomaliza tsegulani ntchito imeneyo muwerenge maluso ake onse ofunikira. Ngati pa 20 muli ndi umboni wa 13, otsalawo ndiwo oti muphunzire. Ngati muli ndi 4 okha, ntchitoyo yangofanana nanu pamwamba.

Chenjezo n'lakuti mndandanda wa ESCO unalembedwera msika wa ntchito wa ku Ulaya, ndipo sudziwa mapepala amene olemba ntchito kwanuko amafuna. Choncho musanalipire kosi iliyonse, pezani zilengezo zisanu zenizeni za ntchitoyo, muone satifiketi imene ikutchulidwa mobwerezabwereza.