Mapiritsi 21 kapena 42? Kuwerenga mankhwala pa chithunzi cha pa apu

"Amayi anga awalembera mankhwala, ndiye anditumizira chithunzi cha pa apu ya pafoni kuti ndikawagulire. Ine ndawerengera ndapeza mapiritsi 21, koma pansi pake palembedwa 2. Kodi ndigule angati kuti amalize mankhwala onse? Pachithunzipo palembedwa chonchi:"

```
Metronidazole 200 mg tablets
Dose: 400 mg   TDS   7/7
Qty: 2
```

Achemwali, ngati piritsi lililonse ndi la 200 mg monga walembera mzere woyambawo, mukufunika mapiritsi 42. Nambala ya 21 mwaipezayo si yopeka ayi, koma ikutiuza kuti amayi amwa kangati, osati kuti amwa mapiritsi angati.

Chomwe chimasokoneza ndi chakuti pachithunzipo pali manambala awiri a mamiligalamu, ndipo ntchito yawo ndi yosiyana. 200 mg yomwe yaphatikana ndi dzina la mankhwala ndi mphamvu ya piritsi limodzi, mmene analipangira ku fakitale. 400 mg ya pa mzere wa `Dose` ndi mlingo umene adokotala akufuna kuti ulowe m'thupi nthawi iliyonse amayi akamamwa. Mukagawa mlingo ndi mphamvu ya piritsi mumapeza mapiritsi omwa nthawi imodzi, ndipo pano ndi awiri. `TDS` ndi katatu patsiku. `7/7` ndi masiku 7: nambala ya m'munsiyo imangosonyeza kuti tikuwerenga masiku, ya pamwambayo ndiye imanena kuti ndi angati, choncho `5/7` ndi masiku 5. Mukaona `2/52` ndi masabata awiri, `1/12` ndi mwezi umodzi. Masamu onse ndi awa:

```
400 ÷ 200 = 2
2 × 3 × 7 = 42
```

Mukadagula 21, chimodzi mwa ziwiri chikadachitika. Amayi akadamwa awiriawiri monga anawauzira, mankhwala akadatha pa tsiku lachinayi. Akadaona kuti ndi ochepa n'kumamwa limodzilimodzi kuti akwane sabata, akadamamwa theka la mlingo masiku onse 7. Chachiwirichi ndicho choipa kwambiri chifukwa sichioneka: mapiritsi amatha pa tsiku loyenera, aliyense n'kuganiza kuti zayenda bwino.

Za `Qty: 2`, mzere wonena kuchuluka kwa mankhwala oti mugule, musazikhulupirire msanga. Mapulogalamu ena pamenepo amalemba mapiritsi, ena amalemba timabokosi, ndipo pachithunzi chanu palibe mawu otsatira nambalayo. Mankhwala amenewa amapezekadi m'timabokosi ta mapiritsi 21, ndiye tiwiri tingakwane 42 ndendende. Koma ena amawaika 10 pa kapepala kamodzi, ndipo wina akakupatsani timapepala tiwiri mubwerera ndi 20. Werengerani nokha poyamba, kenako muone ngati `Qty` ikugwirizana nanu. Ikapanda kugwirizana, musasankhe nambala yomwe yakusangalatsani. Funsani amene analemba mankhwalawo.

Tsopano pali china chimene chithunzi sichingakuuzeni, ndipo n'chimene ndikufuna muchisamale kwambiri mukafika ku famase. `Metronidazole` amakhalanso wa mapiritsi a 400 mg. Ngati a 200 mg atha, wa ku famase akhoza kukupatsani a 400 mg, ndipo pamenepo 21 ndi okwana, piritsi limodzi katatu patsiku. Vuto limabwera mukafika nawo kunyumba. Amayi anamva kuchipatala kuti "muzimwa awiri", ndiye amwa awiri a 400 mg, kutanthauza 800 mg nthawi imodzi, kuwirikiza mlingo. Mumazindikira mukaona kuti mapiritsi akutha msanga, kapena akamadandaula mseru kwambiri, koma pofika pamenepo amwa kale kangapo. Musanachoke pa kauntala werengani mamiligalamu olembedwa pa kabokosi kapena kuseri kwa kapepala, muchitenso masamu aja ndi nambala imeneyo, ndipo mupemphe kuti akulembereni pa kabokosipo kuti ndi mapiritsi angati nthawi imodzi. Chimene chili m'manja mwanu ndicho amayi amwe, osati chimene chili pa sikirini.

Anthu ambiri amafunsanso kuti, nanga ngati ayamba kumwa madzulo, tsiku loyambalo liwerengedwe? Musavutike ndi kalendala. Werengani maulendo omwa: katatu kwa masiku 7 ndi maulendo 21. Akayamba Lolemba usiku, amamaliza Lolemba linalo masana, ndipo mapiritsi ndi 42 omwe aja. Pofuna kuona ngati zikuyenda, kumbukirani kuti patsiku pazichoka 6, ndiye pakatha masiku atatu athunthu payenera kutsala 24. Mukapeza 30 ndiye kuti adumpha katatu. Mukapeza 33 mwina akumwa limodzilimodzi. (Ndipo poti ndi mankhwala amenewa: mowa ayi, mpaka patadutsa masiku osachepera awiri atamaliza.)

Masamu ochulukitsawa amagwira ntchito pokhapokha mlingo ukakhala umodzimodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Apa m'pamene chithunzi chimanamiza, chifukwa chimangojambula zomwe zakwana pa sikirini. Malangizo aatali apu imawadula n'kuika timadontho titatu, ndipo gawo lodulidwalo likhoza kukhala lomwe likusintha nambala yonse. Mwachitsanzo `azithromycin` nthawi zina amalembedwa 500 mg tsiku loyamba, kenako 250 mg kwa masiku anayi otsatira. Ndi mapiritsi a 250 mg, amenewo ndi 2 kuphatikiza 4, onse 6. Munthu amene wangoona mzere woyamba n'kuchulukitsa ndi masiku 5 apeza 10. Mankhwala omwe mlingo wake umatsika pang'onopang'ono, monga `prednisolone`, nawonso muziwerengera gawo lililonse palokha kenako n'kuphatikiza. Ndiye mukaona timadontho, mawu ngati `then` otanthauza kuti kenako, kapena chithunzi chathera pakati pa mzere, apempheni amayi atsegule malangizo onse ajambulenso. Onaninso dzina lawo ndi tsiku lolembedwa, poti apu imasunga ndi mankhwala akale omwe.

Zidule zinazo n'zosavuta: `OD` kamodzi patsiku, `BD` kapena `BID` kawiri, `TID` n'chimodzimodzi ndi `TDS`, `QDS` kapena `QID` kanayi, `STAT` kamodzi kokha nthawi yomweyo. `PRN` ndi kumwa pakafunika kutero, choncho ilibe chiwerengero chokhazikika. Mukhoza kungodziwa malire osapyola patsiku.

Pali malo awiri pomwe kugawa kuja sikuyenera kutsatidwa mwachimbulimbuli. Oyamba ndi piritsi lokhala ndi mankhwala awiri, lomwe mphamvu yake imalembedwa ndi manambala awiri. Mapiritsi awiri a `co-amoxiclav 250/125` safanana ndi limodzi la `500/125`, chifukwa mukamwa awiriwo nambala yachiwiri ija imafika 250. Achiwiri ndi pamene kugawako kwatulutsa theka, monga 1.5. Piritsi lokhala ndi mzere pakati limadulika, ndipo pomaliza mumakweza chiwerengero kuti chikhale chathunthu: 31.5 mugula 32. Koma dzina la mankhwala likatsatiridwa ndi `MR`, `SR`, `XL` kapena `EC`, musadule musanafunse wa ku famase, chifukwa mapiritsi otere anapangidwa kuti azitulutsa mankhwala pang'onopang'ono kapena asasungunukire m'mimba. Ndipo kugawako kukakupatsani nambala yosadulika, monga 1.6, ndiye kuti mphamvu ya piritsi mwapatsidwalo siikugwirizana ndi zomwe adokotala analemba. Musaiyandikizitse nokha ku 2. Bwererani ndi kabokosiko ndi chithunzi chomwe kwa wa ku famase amayi asanayambe kumwa.