Chipinda chopanda kanthu: mphamvu ikachepa sofa sabwera, ikachuluka zenera lisamuka

"Ndili ndi nyumba ya lendi ku Nchalo ndipo ndikufuna anthu aone momwe pabalaza pangaonekere pataikidwa mipando. Ndaika chithunzi mu img2img ya Stable Diffusion. Denoising strength ikakhala pa 0.3 chipinda chimangokhala chopanda kanthu, ndikakweza kufika 0.8 mipando ikubwera koma zenera lasamuka ndipo chitseko chasowa. Nambala yoyenera ndi iti?"

Achimwene, nambala imene mukuifunayo palibe, ndipo mukapitiriza kuisaka muthera bandulo ndi magetsi pachabe. Mukupempha nambala imodzi kuti igwire ntchito ziwiri zotsutsana.

Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, ikalandira chithunzi chanu mu img2img, gawo lake losinthira chithunzi chomwe chilipo kale, imayamba yachithira timadontho tosokoneza, kenako n'kumachotsa timadonthoto pang'onopang'ono uku ikutsatira mawu amene mwalemba mu Prompt. Denoising strength, imene ndiziitcha mphamvu, imanena kuchuluka kwa timadontho timene tathiridwa poyambapo. Pa 0 chithunzi sichisintha, pa 1 chimafufutikiratu. Zimene zimayamba kufa ndi zing'onozing'ono: ming'alu ya pakhoma, mizere ya matailosi, zitsulo za pazenera. Zigawo zikuluzikulu za mtundu umodzi, monga khoma loyera ndi pansi pa simenti yofiira, zimapirira mpaka mphamvu itakwera kwambiri. Ndiye taonani vuto lanu. Sofa ndi chinthu chachikulu cha mtundu wina, ndipo pamene mukuifunapo pali pansi pambee. Kuti pansipo pafufutike mokwanira mpaka sofa imere, mphamvuyo iyenera kukhala yoti ingafufutenso chitseko. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion imene ndikufotokoza pano, mulinso kanthu kena: masitepe enieni amakhala Sampling steps kuchulukitsa ndi mphamvuyo, choncho 30 pa 0.3 ndi masitepe pafupifupi 9 okha.

Dzionereni nokha ndi chithunzi chanucho. Sinthani Seed, nambala imene imasankha timadontho toyambira tija, kuchoka pa -1, lembani nambala iliyonse yokhazikika, kuti chosintha chikhale mphamvu yokha. Pansi pa Script sankhani X/Y/Z plot, pa X type ikani Denoising, ndipo pa X values mulembe izi:

```
0.3, 0.45, 0.6, 0.75
```

Kawirikawiri pa 0.3 pamasintha kaonekedwe ka penti basi. Pa 0.45 masoketi ndi maswichi amasungunuka. Pa 0.6 mumayamba kuona timipando topunduka m'makona, ndipo pa 0.75, yomwe ndi nambala imene pulogalamuyi imayambira, chipinda ndi chokongola koma si chanunso.

Pa 0.45 paja pali chimene chimandikhudza, ndipo ndisachibise. Kuno kuchigwa cha Shire khoma limanena zoona. Nyumba imene madzi analowa, kaya nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 kapena zaka zina, imakhala ndi mzere wa matope m'munsi mwa khoma ndi pulasitala woyoyoka. Mphamvu yochepa chabe imachotsa zonsezo osakufunsani. Munthu wa ku Blantyre amene wapeza ntchito kumunda wa nzimbe akaona khoma losalala pa foni, n'kutumiza ndalama, n'kudzapeza zina, mwamunamiza, ngakhale simunafune. Ena amati ndi kukongoletsa chabe. Ine ndikuti ayi. Mipando yongoyerekeza ndi yololeka chifukwa aliyense akudziwa kuti abwera ndi yake, koma khoma, denga ndi zenera ndi zimene akulipira. Musalolenso makina akuwonjezereni siling'i pamene pali malata oonekera, kapena fani yapadenga yomwe kulibe, poti aliyense wodziwa kutentha kwa Okutobala ku Ngabu ndi Bangula amayang'ana zimenezo asanafunse n'komwe mtengo. Tumizani chithunzi chenicheni pambali pa chokonzedwacho, ndipo mulembe kuti mipandoyo ndi ya pakompyuta.

Nanga muchite chiyani

Lekani kupereka chipinda chonse kwa makina. Apatseni malo a sofa okha.

Yambani ndi chithunzi chabwino. Imani pakona, foni ikhale cha pachifuwa ndipo isapendekere kutsogolo, kuti makona a makoma aime chilili. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, chifukwa dzuwa lathu la masana limasandutsa zenera chigamba choyera ndipo chipinda chonse chimada. Chithunzi cha 4:3 chichepetseni kufika 768 ndi 576 ngati muli pa Stable Diffusion 1.5, yomwe inaphunzitsidwa pa 512 ndi 512. Mukapitirira kwambiri pamenepo imayamba kubwereza zinthu, sofa ziwiri zomatana kapena tebulo la miyendo isanu ndi umodzi.

Kenako tsegulani chithunzicho mu pulogalamu iliyonse yojambulira, mupake chibulumunthu cha mtundu wa khofi pamene sofa idzakhale. Luso silikufunika, chofunika ndi kukula. Chitseko chimatalika pafupifupi mamita 2, sofa ya anthu atatu ndi yotalika pafupifupi chimodzimodzi m'litali, ndipo msana wake sufika theka la chitseko. Muziyeza ndi chitseko chomwe chili pa chithunzicho. Pansi pake pakani kamzere kakuda ka mthunzi. Tsopano makina ali ndi chigawo chachikulu cha mtundu woyenera pamalo oyenera, ndipo ntchito yawo yatsala yongochiumba.

Chithunzi chopakidwacho chiikeni mu Inpaint, gawo la img2img limene limasintha malo okhawo amene mwaphimba, muphimbe chibulumunthucho ndi burashi, n'kusiya malo otsala ngati chikhatho kuzungulira konse, makamaka pansi. Mukaphimba mothina, mthunzi umasowa pogwera ndipo sofa imaoneka ngati ikuyandama. Masked content ikhale original, Inpaint area ikhale Whole picture kuti makina aone kumene kuwala kukuchokera, Mask blur mukweze kuchoka pa 4 kufika 8, CFG Scale isiyeni pa 7, Width ndi Height zikhale zofanana ndi za chithunzi chanu. Denoising strength yambirani pa 0.65. Mawu akhale ofotokoza chimene chili m'malo ophimbidwawo, osati olamula:

```
brown fabric three-seater sofa against a white wall, red cement floor, daylight from the left, photo
```

Ngati zenera lanu lili kumanja, sinthani left akhale right, apo ayi mthunzi ugwera molakwika. Ikani Batch count pa 4 musankhe yabwino. Sofa ikatuluka ikuonekabe ngati penti wopaka, kwezani kufika 0.7. Ikasintha mtundu kapena kudukira m'malire a malo ophimbidwa, tsitsani kufika 0.55. Zonse za kunja kwa malowo sizikhudzidwa, choncho zenera, chitseko ndi mzere wa pakhoma uja zikhala momwe zilili.

Sofa ikakhazikika, dinani Send to inpaint, mubwereze zomwezo ndi tebulo, kenako kabati, chinthu chimodzi pa ulendo. Miyendo ikapindika, phimbani miyendo yokhayo, sankhani Only masked, mphamvu pa 0.35.

Ena akuuzani za ControlNet, chida chowonjezera chothandiza makina kusunga maonekedwe a chithunzi choyambirira, chomwe chinatuluka mu 2023. Njira yake ya MLSD imagwira mizere yowongoka ya makoma ndi mazenera, ndipo imathandizadi mukafuna kusintha chipinda chonse pa 0.75. Koma chenjerani ndi njira yake ina ya Depth pa chipinda chopanda kanthu: imauza makina kuti pansi ndi pambee, ndiye mipando imatuluka yophwathalala kapena osatuluka. Nayo MLSD ikagwira mzere wa pamene khoma limakumana ndi pansi, nthawi zina mzerewo umadutsa pakati pa sofa. Zikatero tsitsani Control Weight kufika cha pa 0.6.

Mukafuna mitundu itatu ya pabalaza lomwelo, bwererani ku chithunzi choyambirira nthawi iliyonse, mupake chibulumunthu cha mtundu wina n'kusintha mawu a sofa okha.