Kalata yosinthira osainira akaunti ya bungwe kubanki

"Achimwene, kubungwe kwathu tasankha msungichuma watsopano. Nanga kalata yopita kubanki yosintha osainira akaunti tilembe bwanji, ndipo asaine ndani?"

Eya achemwali, ndiyambe ndi nkhani yosainayo, chifukwa ndi pamene ambiri amabwezedwera. Kalatayo asaine anthu amene banki ikuwadziwa kale, osati atsopanowo. Watsopanoyo siginecha yake kulibe kubanki, ndiye aifananitsa ndi chiyani? Ngati mumasainira atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo pangano lanu ndi banki limati awiri mwa atatuwo akwanira, wapampando ndi mlembi asaine basi. Wotulukayo akasainanso zimayenda msanga.

Kalata yeniyeniyo ndi yaifupi. Ikhale papepala la bungwe, ndi tsiku komanso chidindo, yopita kwa manijala wa nthambi imene munatsekulira akaunti. Pamutu pake lembani dzina la akaunti ndendende mmene lilili pa sitetimenti, ndi nambala yake. Kenako munene kuti pamsonkhano wa tsiku lakuti munagwirizana zochotsa uje, kuika uje, ndipo otsalira ndi awa. Aliyense dzina lonse monga lilili pachiphaso chake, udindo ndi nambala ya chiphasocho. Otsalirawo musawadumphe ayi, abanki sangaganizire okha ngati akupitiriza kapena nawonso achoka.

Ndiye pali mzere umodzi umene anthu amaiwala, wa kasainidwe. Nenani poyera kuti azisaina awiri aliwonse mwa atatuwa, kapena kuti msungichuma pamodzi ndi mmodzi mwa enawo. Ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Mukasankha yachiwiriyo, tsiku limene msungichuma wadwala ndalama sizituluka.

Kalata payokha siikwanira. Muphatikizepo maminitsi a msonkhanowo, osainidwa ndi wapampando ndi mlembi, ndipo mawu ake agwirizane ndi a m'kalata. Maminitsi akangoti tinasankha msungichuma, osatchula za akaunti, angathe kukubwezani. Watsopanoyo apite yekha ndi chiphaso chenichenicho, osati fotokope yokha, akadzaze fomu ndi kusiya siginecha yake. Zithunzi ndi umboni wa kumene amakhala, imbani kaye mufunse, mabanki amasiyana.

Komanso iyi, achemwali, mvetsetsani. Kusinthako kumayamba banki ikalowetsa m'makina ake, osati tsiku limene mwapereka kalata. Pakatipo wakaleyo akadali ndi mphamvu, ndiye buku la macheke mulandiriretu. Ngati pali cheke chimene anasaina kale koma mwini wake sanakatape ndalama, lembani nambala yake m'kalatamo kuti achilemekeze, apo ayi chidzabwerera. Nambala ya foni yolandira mauthenga a akaunti musinthenso, ndipo mwayi wa wakaleyo wolowera mu akaunti pa intaneti abanki autseke.

Wakaleyo akakhala kuti anamwalira, tengani chikalata cha imfa. Akakana kusaina, maminitsi ndi malamulo a bungwe lanu ndi zimene zidzakuyankhulireni. Ndipo mupite ndi makope awiri a kalatayo, limodzi akudindireni mubwere nalo.