Kumvera nyimbo pa chapa osamaliza mamega

"Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Ulongwe koma ndimaphunzitsa kufupi ndi Calomue, m'malire ndi Malawi, ndipo ndimakwera chapa m'mawa ndi madzulo, mphindi ngati 50 popita ndi zina 50 pobwera. Ndimagula 2 GB ya mwezi wonse, koma imatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe chifukwa ndimakonda kumvera nyimbo panjira. Kodi ndipitirize kumvera pa intaneti kapena ndipeze pulogalamu yotsitsira nyimbo m'foni? Ndithandizeni, abale."

Aphunzitsi, malangizo anga ndi akuti muzitsitsa nyimbo m'foni mwanu musananyamuke, ndipo mukakwera chapa muzizimitsa intaneti, chifukwa kwa munthu amene amayenda msewu umodzimodzi tsiku lililonse, kumvera pa intaneti n'kulipira kambirimbiri nyimbo imene akadailipira kamodzi kokha. Ndifotokoza chifukwa chake ndi masamu, pakuti inu ndinu munthu wa choko ndi bolodi ndipo mutha kuwatsimikizira nokha.

Kukula kwa nyimbo kumadalira chiwerengero chimene mapulogalamu amachilemba kuti kbps, chomwe chimasonyeza kuchuluka kwa zinthu zimene foni imakoka pa sekondi iliyonse ya nyimboyo. Ndigwiritsa ntchito Spotify monga chitsanzo popeza eni ake amalengeza poyera manambala awo, ndiponso inayamba kupezeka kuno ku Mozambique mu 2021. Pa Spotify, mlingo wa Low ndi pafupifupi 24 kbps, wa Normal ndi 96, wa High ndi 160, ndipo wa Very high, umene ndi wa olipira okha, ndi 320. Mukagawa 96 ndi 8, popeza kbps imawerenga makilobiti ndipo makilobiti 8 ndiwo amapanga kilobaiti imodzi, mupeza 12, kutanthauza makilobaiti 12 pa sekondi, ndipo mukachulukitsa ndi 60 mupeza kuti mphindi imodzi imadya pafupifupi 0.72 ya mega imodzi. Ulendo wanu ndi mphindi 100 pa tsiku, ndipo tikatenga masiku 22 ogwira ntchito pa mwezi, tikupeza mphindi 2,200. Pa mlingo wa Normal amenewo ndi mamega pafupifupi 1,580, ndipo pa High ndi mamega 2,640, omwe akuposa kale zonse zimene mumagula. Apa sitinawerengeko WhatsApp, mauthenga a ku sukulu, kapena zithunzi za abale. Motero sizodabwitsa kuti 2 GB yanu imatha mwezi uli pakati, makamaka ngati pulogalamu yanu ili pa mlingo wa Automatic, umene umadzisankhira wokha kukoka zambiri pamene netiweki ili yamphamvu.

Tsopano tiyerekeze kuti mwasankha nyimbo 150 zimene mumazikonda, iliyonse ya mphindi 4. Zonse pamodzi ndi mphindi 600, kapena kuti maola 10 a nyimbo, ndipo kuzitsitsa pa mlingo womwewo wa Normal kukudyerani mamega pafupifupi 430, kamodzi kokha basi. Pa mphindi 2,200 za mwezi mumamvera nyimbo pafupifupi 550, ndiye kuti iliyonse mwa 150 zija muimva katatu kapena kanayi pa mwezi, zomwe sizotopetsa kwa munthu amene anazisankha yekha. Mwezi wotsatira mukafuna kuwonjezerapo nyimbo 20 zatsopano, mungowononga mamega osakwana 60. Kusiyana kwa 1,580 ndi 60 n'kumene kwandichititsa kuti ndikuyankheni molimba mtima chonchi. Ena adzakuuzani kuti mapulogalamu amasunga okha nyimbo zimene mwamvera posachedwa, ndipo zimenezo n'zoona pang'ono, moti nyimbo yobwerezedwa nthawi zina siikokedwanso. Koma zosungidwa motero pulogalamu imazifufuta yokha ikafuna malo, ndipo inu mulibe ulamuliro pa zimene zitsale, choncho si chinthu choti munthu wa mamega owerengeka achidalire.

Chifukwa chachiwiri ndi msewu womwewo. Pakati pa Ulongwe ndi m'malire muli zitunda ndi zigwa, ndipo chapa ikamathamanga foni imasintha nsanja za netiweki pafupipafupi, moti nyimbo ya pa intaneti imaima pakati n'kumazungulira. Pofuna kupewa zimenezi pulogalamu imakokeratu mbali ya nyimbo imene simunafikepo, ndiye mukaidumpha nyimboyo chifukwa sinakusangalatseni, mamega amene inakoka apita pachabe. Kwa inu amene mumafika kufupi ndi Dedza pali chinanso chofunika kusamala, chifukwa m'malire foni ikhoza kugwira netiweki ya ku Malawi mwini wake osazindikira. Onetsetsani kuti Data roaming ndi yozimitsa m'foni mwanu, pakuti phukusi lanu la mwezi ndi la m'dziko muno, ndipo intaneti ya kunja imalipiritsidwa mwa njira ina yokwera mtengo.

Za pulogalamu yoti musankhe, mawu akuti kutsitsa ali ndi matanthauzo awiri amene anthu ambiri amawasokoneza. Pali kutsitsa kwa m'kati mwa pulogalamu, kumene nyimbo imakhala m'foni mwanu koma yotsekeredwa, yoseweredwa ndi pulogalamu yokhayo imene inaitsitsa, ndipo simungaitumize kwa mnzanu pa Bluetooth kapena kuiika mu wailesi ya galimoto ndi memori khadi. Audiomack ndi Boomplay zimalola kutsitsa motere nyimbo zambiri popanda kulipira, ngakhale kuti si nyimbo zonse, ndipo zili ndi nyimbo zochuluka za muno mu Afirika. Spotify imalola kutsitsa nyimbo kwa olipira Premium okha, ndipo imafuna kuti foni ilumikizidwe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi nyimbo zotsitsidwa zimachoka. Kulumikiza kumeneko sikudya zambiri, koma mukasiya kulipira, nyimbo zonsezo zimasiya kuseweredwa popanda intaneti. Kutsitsa kwachiwiri ndi kwa mafayilo enieni a MP3, amene ndi anu mpaka kalekale ndipo mutha kuwasewera ndi pulogalamu yaulere ngati VLC, yomwe siifuna intaneti ngakhale pang'ono.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi Audiomack kapena Boomplay kwa mwezi umodzi, osalipira kanthu, n'kuona ngati oimba anu akupezekamo. Ndikanawonjezerapo memori khadi ya 8 GB kapena 16 GB ya mafayilo a MP3, makamaka chifukwa cha nyimbo za makwaya athu ndi za oimba a kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, zomwe zambiri sizinaikidwe pa pulogalamu iliyonse. Zimenezo ndi bwino kuzigula kwa eni ake akamazigulitsa pa tchalitchi kapena pa msika, kuti thukuta lawo liwapindulire, kusiyana ndi kungodzaza khadi kwa anthu amene amakopera nyimbo za ena popanda chilolezo. Fayilo yabwino mutha kuizindikira ndi kukula kwake, chifukwa nyimbo ya mphindi 4 pa 128 kbps imakhala pafupifupi mamega 4, ndipo mukaona ya utali womwewo yosakwana mamega 2, dziwani kuti inafinyidwa kwambiri ndipo imveka ngati ikuchokera m'chitini. Kumbali ina, musavutike kufuna za 320 kbps, pakuti mu chapa yodzaza, injini ikulira ndiponso kondakitala akuitanira anthu, khutu silingasiyanitse, pamene malo m'foni zikhala zitadya kuposa kawiri.

YouTube ndikupemphani kuti muisiye pa ulendo umenewu. Imakoka kanema pamodzi ndi mawu, ndiye ngakhale pa mlingo wotsika imadya kangapo kuposa nyimbo ya mawu okha, ndipo yaulereyo imaima mukazimitsa sikirini, zomwe zimamalizanso batire musanafike ku sukulu.

Nthawi yotsitsira nyimbo 150 zoyambazo muisankhe bwino. Ngati pali malo amene mumapeza Wi-Fi movomerezeka, tsitsani kumeneko. Ngati palibe, onani pa mndandanda wa mapukusi a kampani yanu, kaya ndi Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ngati muli phukusi la usiku kapena la tsiku limodzi lokhala ndi mamega ambiri pa mtengo wotsika, mugule limenelo padera kuti la mwezi lisakhudzidwe. Chitani zimenezi muli kunyumba pamalo pamene netiweki ili yokhazikika, foni ili pa moto, ndipo muyambe mwasankha mlingo wa kutsitsa, chifukwa m'mapulogalamu ngati Spotify mlingo womvera ndi mlingo wotsitsira amasankhidwa payekhapayekha.

Mukamaliza, yesani musanatuluke m'nyumba. Ikani foni pa Airplane mode, tsegulani pulogalamu, ndipo sewerani nyimbo zingapo za koyambirira, za pakati ndi za kumapeto kwa mndandanda wanu. Imene yakana kulira ndiye kuti sinatsitsidwe yonse, ngakhale dzina lake likuoneka. Anthu ambiri amapusitsika apa, chifukwa kuika nyimbo pa mndandanda wa zokondedwa si kuitsitsa, ndipo intaneti ikakhala yoyatsa pulogalamu imangoikoka mwakachetechete inu mukuganiza kuti ili m'foni. N'chifukwa chake ndikunena kuti pa chapa muzizimitsa intaneti yeniyeniyo, kapena muziyatsa Offline mode m'pulogalamu imene ili nayo. Mapulogalamu aulere amapeza ndalama zawo pa malonda, ndipo malondawo, makamaka a kanema, amadya mamega anu omwewo intaneti ikakhala yotsegula. Ngati foni yanu ili m'Chipwitikizi mayina amenewa aoneka m'chinenero chimenecho, koma malo ake ndi omwewo.

Chenjezo limodzi ndikulipereka chifukwa zinandichitikira ine ndemwe. Foni itandiuza kuti malo atha, ndinalowa m'makonzedwe a pulogalamu ina ya nyimbo n'kudina Clear data m'malo mwa Clear cache, ndipo nyimbo zoposa 200 zimene ndinatsitsa usiku wathunthu zinachoka nthawi yomweyo, moti ndinayenera kugulanso mamega kuti ndizibwezeretse. Kufufuta pulogalamuyo n'kuiikanso kumachita chimodzimodzi. Mafayilo a MP3 a pa memori khadi sakhudzidwa ndi zoterezi, komabe ndi bwino kukhala ndi kope lawo pa kompyuta kapena pa khadi lina, popeza makhadi otsika mtengo amafa mosachenjeza.

Kumvera pa intaneti sindikukuletsani kotheratu, chifukwa ndiko kumathandiza kudziwa nyimbo zatsopano. Kupatseni theka la ola Loweruka kapena Lamlungu muli pakhomo, mutayatsa Data Saver, imene pa Spotify imatsitsa mlingo wa mawu n'kuzimitsa timakanema tobwerezabwereza tija timaoneka nyimbo ikamalira. Pa 24 kbps theka la ola limadya mamega osakwana 6, ndipo zimene zakusangalatsani mutha kuzilemba kuti mudzazitsitse pamodzi tsiku logula phukusi lotsika mtengo. Pakatha sabata imodzi mukuchita zimenezi, lowani mu Settings ya foni, pezani pamene pamaonetsa mamega amene pulogalamu iliyonse yagwiritsa ntchito, ndipo muone nambala ya pulogalamu yanu ya nyimbo. Ngati ikupitirirabe mamega 50 pa sabata imene simunatsitse chilichonse, ndiye kuti ikukoka zinthu mobisa, ndipo muyenera kuzimitsa Background data ya pulogalamu imeneyo pamalo omwewo.