Msonkhano woimitsidwa: maminitsi ake ndi amodzi

"Abale, ndine mlembi watsopano wa bungwe lathu la maliro ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Msonkhano wapachaka tinauimitsa pakati mvula italowa m'holo, tinadzamaliza Loweruka lotsatira. Ndilembe maminitsi awiri kapena amodzi? Nanga holo yotchipa ndingaipeze kuti?"

Mayi mlembi, za holo ayankhe ena. Pa maminitsi, amene akuti mulembe awiri chifukwa masiku ndi awiri akukusocheretsani, musatero. Msonkhano umene waimitsidwa sunathe. Loweruka lachiwirilo munkapitiriza womwewo, choncho mutu ndi umodzi, ndipo wapampando asaina kamodzi, kumapeto kwenikweni.

Ndikulimbikira chifukwa cha zimene zinachitika m'bungwe lathu ku Highfield. Tinkakambirana zokweza msonkho wapamwezi kuchoka pa madola 5 kufika pa 7, mdima n'kutigwera tisanavote. Amene ankalemba nthawi imeneyo analemba kuti "msonkhano unatsekedwa ndi pemphero". Sabata yotsatira anayamba tsamba lina, mutu wina, mfundo n'kuyambanso pa 1. Voti inadutsa. Koma amene anagonja anatenga bukulo nati, taonani, woyamba unatsekedwa, wachiwiriwu ndi watsopano, nanga chidziwitso cha masiku 14 chimene malamulo athu amafuna chili kuti? Panalibe chowayankha, buku lathu lomwe linkawaikira umboni. Msonkho unakhala pa madola 5 mpaka tinaitananso msonkhano wina, ndi kulipiranso holo.

Ndiye liwu lakuti "kutseka" lisaoneke pa tsiku loyamba, ngakhale munapemphera pobalalika. Pamene munalekezera lembani motere: "Nthawi ya 4:40 madzulo, mfundo 6 ili mkati, Bambo Uje anapereka ganizo loti msonkhano uimitsidwe chifukwa cha mvula, Mayi Uje anavomereza, ndipo anthu anagwirizana nazo. Wapampando analengeza kuti udzapitirira Loweruka pa 14, nthawi ya 2 koloko masana, pamalo omwewo." Tsiku, nthawi ndi malo zikalengezedwa pomwepo n'kulembedwa, kawirikawiri sipafunikanso chidziwitso chatsopano, koma onani malamulo a bungwe lanu, chifukwa ena amachifunabe.

Chimene alembi ambiri amaiwala ndi kunena pamene mfundo ija inaimira. Kodi ganizo linali litaperekedwa kale? Ndani analipereka, ndipo mawu ake enieni anali otani? Voti inali itachitika? Lembani poyera kuti "voti inali isanachitike". Pakapita sabata aliyense amakumbukira zomukomera, wina adzalumbira kuti munagwirizana madola 6.

Mukatero dumphani mzere umodzi wokha, osayamba tsamba latsopano, mulembe: "Msonkhano unapitirira Loweruka pa 14, nthawi ya 2:15 masana." Lembaninso mayina a amene analipo tsiku limenelo ndi amene anapepesa, musangoti "omwe aja". Anthu sakhala omwewo, wina ali kuntchito, wina wapita kumaliro ku Malawi, ndipo chiwerengero chofunika kuti msonkhano uchitike chiyenera kukwana masiku onse awiri. Ngati anatsogolera ndi wachiwiri kwa wapampando, nenani. Manambala apitirire: muyambire pa mfundo 6, n'kulemba pambali pake kuti "kupitiriza", kenako 7, kenako 8. Zimene zinagamulidwa pa mfundo 1 mpaka 5 zinatha, sizivoteredwanso.

Chenjezo lina, pa tsiku lachiwiri musalembe kuti maminitsi a sabata yatha anawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Kulemba choncho n'kuvomera kuti inali misonkhano iwiri. Ngati wapampando anakupemphani kukumbutsa anthu pamene munalekezera, lembani kuti mlembi anakumbutsa, basi. Maminitsi onse adzavomerezedwa pamodzi pa msonkhano wotsatira. Komanso ngati wina anabweretsa nkhani imene sinali pa ajenda yoyamba, monga kusintha osainira kubanki, muuzeni wapampando msanga. Msonkhano wopitirizidwa umamaliza zotsala zokha, ndipo chigamulo chotero n'chosavuta kuchitsutsa, makamaka kwa amene sanabwere.

Za buku, siyani mapepala othothoka aja. Gulani buku lachikuto cholimba, m'tauni kapena ku Mbare, mulembe manambala a masamba onse ndi bolopeni musanayambe. Ngati mumataipa, masiku onse awiri akhale m'chikalata chimodzi, ndipo pamutu muike masiku onsewo, pa 7 ndi pa 14. Musatumize theka loyamba pa WhatsApp ngati maminitsi omalizidwa, chifukwa anthu adzasunga limenelo n'kudzakutsutsani nalo.